Mkaka umene ndinautcha wowola

Mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, ali ndi ng'ombe ziwiri, njinga yopanda mabuleki abwino, ndi pakamwa posatopa. M'mawa uliwonse amazungulira m'makomo ndi zigubu ziwiri: china cha mkaka wamadzi, china cha wosasa. Sukulu anailekera panjira, ndipo mphunzitsi wake womaliza ndinali ine. Ndinamuphunzitsa zaukhondo, ndikulemba pabolodi kuti mkaka ukasasa ndiye kuti wawola. Anakopera bwinobwino m'kope, nakula, nayamba kugulitsa womwewo.

Chaka chatha ndinadwala, ndinawonda mpaka lamba anasowa boo. Kuchipatala anati ndizidya zopatsa thanzi, monga mkaka. Ndinayamba kumwa makapu awiri m'mawa uliwonse, wamadzi, wowiritsa bwino.

Ndakhala ndikuimba limba kutchalitchi kwathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Sindinena kuti ndimaimba bwino. Ndimafika pa nthawi basi. Lamlungu lina, tili pa ndime yachiwiri ya nyimbo yoyamba, m'mimba mwanga munayamba kuimba besi yakeyake. Ndime yachitatu mpingo unaimba wokha, ine ndikuyenda mwaulemu koma mwachangu kulowera kuseri. Sabata yotsatira zinabwerezeka. Abusa anandiitanira pambali.

"Aphunzitsi, mwatumikira nthawi yaitali," anatero. "Mwina mupumuleko, tipeze wina."

Ndinapempha milungu iwiri. Kunyumba ndinaganiza monga munthu wophunzira: vuto ndi majeremusi. Ndinauza mkazi wanga kuti aziwiritsa mkaka kawiri, kenako katatu. Poto anapserera, m'mimba osasintha. Mlamu atabwera ndi zigubu zake, ndinamufunsa ngati amasamba m'manja asanakame.

"Alamu, ndi inu munandiphunzitsa kusamba m'manja," anayankha. "Ngati sizikugwira ntchito, bwezani fizi."

Ndinafotokoza vuto langa mozungulira, koma iye sazungulira.

"Mukutsegula m'mimba, nenani. Theka la makasitomala anga ndi otero. Wamadzi umawavuta, wosasa amamwa bwinobwino. Yesani kapu imodzi."

"Sindimwa zowola."

"Wowola ndi wina, wosasa ndi wina. Wanga ndimawiritsa kaye, ukazirala nkukhala wofunda ndimathiramo masupuni a wadzulo, nkuvundikira. Koma poti munalemba pabolodi, pitirizani kuthamanga."

Ndinapita kwa namwino wa pachipatala chathu kuti anditsimikizire kuti ndikulondola. Anamvetsera, nandifotokozera pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndi ana ovuta mutu. Mumkaka muli shuga wake wachibadwa wotchedwa lakitozi. Khanda limamugaya mosavuta, koma anthu ambiri akamakula matumbo awo amachepetsa kupanga chimene chimaphwanya shugayo. Akapanda kugayika amatsikira m'matumbo aakulu, nakoka madzi, ndipo tizilombo ta mmenemo timamudya nkutulutsa mpweya.

"Nanga kuwiritsa?" ndinafunsa.

"Moto umapha majeremusi, bambo, koma shugayo amatsala. Mukhoza kuwiritsa mpaka madzulo."

Anati mumkaka wosasa, tizilombo tabwino timene timausasitsa timakhala titadyako kale gawo la shugayo, nkumusandutsa kuwawasa kuja. Tikamezedwa tamoyo timathandizanso kugaya wotsalayo, ndipo poti mkakawo ndi wokhuthara, umatsika pang'onopang'ono. Shuga sathamo yense, choncho ndiyambe ndi pang'ono, pamodzi ndi chakudya, ndione mmene thupi liyankhire.

"Ndani anakuuzani za wosasa?" anafunsa.

"Munthu wina wa m'banja," ndinatero.

Lachitatu ndinadikira mlamu pageti, kuti mkazi wanga asamve. Ndinati ndikufuna theka la kapu, longoyesera.

"La chiyani, alamu? Tchulani dzina lake."

"Wosasa."

"Sindinamve. Wowola?"

"Wosasa," ndinabwereza, ndikuyang'ana tayala la njinga.

Ndinamwa nditatsinzina, ndipo ndinakhumudwa pang'ono kupeza kuti ukukoma. Tsiku lonse ndinakhala pafupi ndi khomo lakuseri, kudikira tsoka limene silinabwere. Lachisanu ndinamwa kapu yodzaza. Mpweya pang'ono unalipo, koma wa munthu wamba.

Lamlungu ndinamwa kapu yanga ndi buledi, ndinakhala pa limba, ndipo ndinaimba nyimbo zonse zinayi mpaka ameni. Potuluka abusa anandigwira dzanja nati ndaimba mokoma. Ndinawauza kuti pa nyimbo yachitatu ndinaphonya kawiri. Za kupumula sanazitchulenso.

Mlamu anali panja, atatsamira njinga yake.

"Mwakhalitsa pampando lero, aphunzitsi," anatero. "Kope lija ndikadali nalo. Mubwere ndi cholembera chofiira, mudzakonze."

Ndinapita Lolemba. Ndinadula mzere uja wakuti mkaka wosasa ndi wowola, ndipo pansi pake ndinasaina.