Mzere Umene Mayi Fagness Anadula

Mayi Fagness anaphunzitsa Chichewa zaka makumi awiri kupulayimale kufupi ndi Mua, ndipo atapuma ntchito anangotsala ndi msana wowawa ndi bolopeni yofiira. Ine ndinawadziwira ku Golomoti, m'kachipinda kotentha kuseri kwa golosale, komwe kabungwe kena kanatilemba ganyu madzi atasefukira. Ndinkamvetsera matepi a mayankho a mabanja amene bungwelo linawafunsa, n'kulemba chilichonse chotuluka pakamwa pa munthu, n'kutsokomola komwe. Iwo ankawongola zolemba zangazo kuti zikhale ziganizo zowerengeka. Lamulo lawo ankalibwereza mpaka kutikwana: chotsa "eee", chotsa zobwereza, koma usamunenere munthu zomwe sananene, ndipo "mwina" asasanduke "inde". Mayankhowo ndiwo ankasonyeza mabanja ovomera kusiya minda yawo n'kusamukira kumtunda.

Pofika sabata yachisanu tinali titatheratu. Lachinayi masana Mayi Fagness anatenga pepala la bambo Alfred a ku Mtakataka. Atafunsidwa za kusamuka, bambowo anati: "Eee, ineyo, kusamuka, aaa, sindingakane ayi, ineyo pandekha. Madziwa atitopetsa." Pansi pake ndinali nditalemba: "Mawu a mayi, chapatali: Mundawu ngwa amayi anga, awo adangobwera kudzakwatira." Kenako a Alfred: "Eya, n'zoona zimenezo."

Malangizo a bungwe ankati mawu a munthu wosafunsidwa achotsedwe. Mayi Fagness anadula mzere wa mayiwo. "N'zoona zimenezo" anatsala opanda chowatsamira, ndiye anadulanso. Panatsala chiganizo chosalala: "Sindingakane kusamuka chifukwa madzi atitopetsa." Munalibe bodza ngakhale limodzi, ndipo banjalo linalowa pamndandanda wa ovomera.

Lolemba ndinawapeza atangoti ndwii papepala lomwelo.

"Jenifa," anandiitana, "mkamwini amavomera bwanji kusiya munda wa eni ake? Ndinadulanso 'pandekha'. Ine wobadwira konkuno."

Manyazi anawagwira kwambiri, ndipo ine ndinawamvera chisoni, ngakhale mumtima ndinkati nawonso alaweko bolopeni yofiira.

Tinakwera minibasi mpaka ku Mtakataka, kenako kabaza. Tinawapeza a Alfred akusoka thumba, akazi awo a Enifa akupeta mpunga. Mayi Fagness anawerenga chiganizo chija pang'onopang'ono ngati ali m'kalasi.

"Ndi mawu anga amenewo," anatero a Alfred.

A Enifa sanasiye kupeta. "Mwalemba bwino, aphunzitsi. Nanga ine ndili pati?"

Mayi Fagness anakhala pamkeka, msana ukuwawa choncho, n'kulemba, pepala lili pamwendo: "Ine pandekha sindingakane, chifukwa madzi atitopetsa." Pansi pake anawonjeza kuti akazi awo ananena kuti munda ngwa kwawo, ndipo a Alfred anavomereza. Anawerenganso, onse awiri anagwedeza mutu.

Mndandanda unali utapita kale ku Lilongwe. Mayi Fagness anatumizako kalata yokonza katatu, osayankhidwa. Ganyu itatha iwo anapitirizabe, ndipo nditakumana nawo pamsika chaka chotsatira anali ndi envulopu yachisanu m'chikwama.