Thumba la usipa pa CV ya achemwali

Ndinayambitsa ndine, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimaseka. Amayi amatumiza nsomba zouma pa minibasi, thumba lililonse ndi kansalu kake: kofiira n'ka amayi ena a ku Limbe, kobiriwira n'ka bambo wa ku Lilongwe. Tsiku lina ndinasinthanitsa tinsaluto. Ndinkangofuna kuona.

Achemwali anga anazindikira ma minibasi atanyamuka kale. Anaimbira makondakitala onse awiri, wina m'Chiyao wina m'Chichewa, n'kuwanyengerera mpaka anadikirana pa Liwonde ndi kusinthana matumbawo. Woyambitsa anamudziwa, koma sanandinene.

Patapita miyezi, loji ina ya kunyanja inkafuna wolandira alendo. Chidziwitso chake chinangoti akufuna munthu wodziwa kulankhula ndi anthu komanso wotha kuthetsa mavuto. Basi. Achemwali anakopera mawu omwewo pa CV, tinapita nayo kwa asuweni athu amene amagwira mu ofesi pa boma.

Asuweni anawerenga n'kuiika pansi. "Izi alemba onse. Mwangowabwezera mawu awo. Umboni uli kuti? Vuto linali lotani, inu munachitapo chiyani, zinatha bwanji?"

"Ine sindinalembedwepo ntchito," anatero achemwali.

"Kusukulu? Kumadrasa?"

Chimalizireni Folomu 4 achemwali akhala akuyanika nsomba. Tinafufuza moyo wawo wonse, osapeza kanthu koti n'kulemba. Anayamba kupinda pepala lija pang'onopang'ono, ndipo ine kuseka kunandithera.

"Nanga za matumba zija?" ndinatero.

Achemwali anandiyang'ana moopseza, koma asuweni anali atatola kale cholembera. Nditawafotokozera, analemba kuti: Ndinayendetsa katundu wa ogula a ku Limbe ndi Lilongwe, atasokonekera m'njira, ndinagwirizanitsa makondakitala awiri pa foni, m'Chiyao ndi m'Chichewa, ndipo anafika kwa eni ake tsiku lomwelo. M'munsi anaika nambala ya amayi a ku Limbe aja, titawapempha kuti akhale mboni.

A ku loji anawaimbiradi. Amayi a ku Limbewo anavomera zonse, kenako anaimbira amayi athu kufunsa kuti kodi matumbawo anasokonekera bwanji poyamba. Amayi anali asanamvepo nkhaniyi. Ulendo uno achemwali sananditchinjirize.

Ku intavyu achemwali anawaitana, n'kuwafunsa chitsanzo chachiwiri. Analibe. Ntchito anapatsa wina amene anagwirapo pa hotelo. Achemwali anabwera, n'kuvula nsapato zimene anabwereka.

Ine amayi anandigamula kuti holide yonse ndizitembenuza usipa pa thandala, dzuwa lili pamutu.

"Amayi, mukanandithokoza. Popanda ine CV ija ikanakhala yopanda kanthu."

Anandiponyera patapata, n'kundiphonya. Pa thandala ndinapitadi, ndipo usipa ndinkaudya pomwepo.