Mizele Isanu ndi Umodzi Pansi pa CV Yanga

Tsikulo kunatentha kuyambila m'mawa, kutentha kwa mu Okutobala kumene ngakhale nkhuku zimayenda zitayasama. Nyenje zinali kulila m'mitengo ya pa Boma osapumila, ndipo kuseli kwa msika chigayo chinali kugunda, kuleka, kugundanso. Mitambo inasonkhana cha kuchigwa, koma mvula sinagwe.

Panali patapita zaka ziwili mkazi wanga atamwalila, ndi chaka chimodzi depoti ya fodya imene ndinasungako sitolo zaka khumi ndi zinayi itatsekedwa. Ndiye bungwe lina losamala zachilengedwe, logwila ntchito ndi alimi a ku Chikomeni m'mphepete mwa nkhalango ya Lukusuzi, linalengeza kuti likufuna wosunga sitolo ya mbewu, waya ndi ming'oma ya njuchi. Pa msinkhu wanga mwayi wotele subwela kawili. Tsiku lomaliza kutumiza makalata linali Lachisanu.

Mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake, amene ndi mphunzitsi ndipo ali ndi laputopu, ndiwo anandilembela CV. Anandionetsanso makina a pa intaneti amene umawapatsa CV ndi chilengezo cha ntchito, iwo n'kuyelekeza ziwilizo, n'kukuuza kuti zikugwilizana mapelesenti angati. Yanga inapeza 34. Lachitatu anabwela onse awili akumwetulila, nati yafika 81.

"Mwasintha chiyani?" ndinafunsa.

"Tangokonzakonza, adada," anatelo mwana wanga, maso ali pa foni.

Ndinawelenga pepalalo kawili. Silinasiyane ndi loyamba lija. Ndinawakhulupilila, chifukwa za makompyuta ndimazidziwa pang'ono, ndipo munthu sukayikila ana ako pa chinthu chimene sukuchimvetsa.

Lachinayi, tsiku lotentha lija, ndinatenga fulashi imene anandisungilamo CV n'kupita ku shopu yosindikiza mapepala kuti akanditumizile. Mwini shopuyo ndi mayi wina wochokela ku Chipata, amene timapemphela naye mpingo umodzi.

"Monile, adada. Lelo mwavala jekete pa dzuwa ili, mukufunsila ndani?"

"Ntchito, amama."

"Ndiyo yovuta kuposa mkazi. Bweletsani tione."

Ndinamupempha kuti tisanatumize aikenso CV m'makina aja, ndione ndekha. Panatuluka 81. Pansi pa nambalayo panali mindandanda iwili: mawu a m'chilengezo amene apezeka mu CV, ndi amene akusowa. Mayiyo anayamba kuwelenga opezekawo. Kusonkhanitsa ziwelengelo pa tabuleti. Chithandizo choyamba kwa ovulala. Kuphunzitsa magulu a m'midzi.

"Imani kaye," ndinatelo. "Zimenezo mulibe m'pepala langa."

"Makina akuti zilimo."

Tinayang'ana tsambalo pa kompyuta kuyambila pamwamba mpaka pansi. Dzina langa, sukulu, depoti, anthu awili ondichitila umboni, kenako malo oyela opanda kanthu. Tabuleti, kompyuta yam'manja ija, sindinaigwilepo. Koma ntchito zitatuzo ndinkazidziwa bwino, chifukwa panali munthu amene ankabwela nazo kunyumba kwanga madzulo alionse, fumbi la ku Magodi lili mbuu ku miyendo. Mkazi wanga anali wothandiza za umoyo m'midzi. Chigayo chija chinali chitaleka, ndipo m'shopumo munkangomveka fani ikuzungulila.

Mayiyo anandiyang'ana, kenako anadina mabatani awili osankha zonse za patsamba. Malemba onse anakutidwa ndi mtundu wotuwa. Ndipo pansi paja, pamene panalibe kanthu, panaonekanso timizele totuwa tisanu ndi kamodzi, tating'ono, ngati pamene panagona munthu pa udzu n'kuchokapo.

"Ndiwadetse?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinavomela ndi mutu. Anasintha mtundu wa malembawo kuchoka ku woyela kupita ku wakuda, nawakulitsa. Mawu a mkazi wanga anatulukila pansi pa dzina langa. Anali ochokela mu CV yake, imene anailemba pa thebulo lathu chaka chimene anayamba kudwala, akundifunsa kalembedwe ka mawu ena a Chingelezi. Mzele wachinayi unkanena kuti: ndinatsogolela amayi anzanga m'magulu asanu ndi atatu. Sanasinthe ngakhale pamenepo.

Ndinakakhala pa benchi. Mayiyo anathandiza munthu wina wofuna fotokope ya chitupa, nabwelela.

"Makinawa alibe maso, adada," anatelo. "Amawelenga zilembo zili m'fayilo, zoyela kapena zakuda, n'kuona kuti mawu a m'chilengezo apezekamo angati. Sadziwa ngati munachitadi. Ndiponso nambalayi si ya abwana a bungwelo, iwo saiona n'komwe. Koma ngati ali ndi makina awo owelengela ma CV, ambili amachotsa mitundu, zobisikazo n'kuonekela poyela. Mudzawayankha chiyani za amayi anzanuwo?"

Anayesa kuseka, ine sindinathe.

"Fufutani," ndinatelo.

Anafufuta mzele umodziumodzi. Ndinayang'ana kukhomo mpaka atamaliza. Titaikanso m'makina, nambala inabwelela pa 34.

Kenako tinatsegula mndandanda wa mawu osowa, ine ndikuyankha lililonse ngati pa mlandu. Ena anali a ntchito zimene ndinagwila zaka zonsezo, kungoti ana anazilemba mwachidule kuti ndinali wosunga sitolo, basi. Chilengezo chinkafuna kuwelenga katundu mwezi ndi mwezi, kulemba zolandila ndi zotulutsa, kugawa mbewu ndi feteleza kwa alimi, kuyang'anila antchito onyamula. Zonsezi ndinazichita, ndipo tinazilemba m'mawu amene chilengezocho chinagwilitsa ntchito, chilichonse pansi pa depoti ndi zaka zake. Pofika pa tabuleti ndi chithandizo choyamba ndinati ayi. Pa laisensi ya njinga yamoto ndinatinso ayi.

Inafika 57.

"Ena amati uyenela kupitilila apa," anatelo mayiyo. "Tiikepo kamodzi kokha? Mabandeji simunamangepo munthu?"

"Amene ankamanga ndi mkazi wanga. Ine ndinkagwila tochi."

Tinatumiza momwemo.

Masana omwewo ndinapita kunyumba za aphunzitsi. Ndinawapeza awiliwo pakhonde akusenda nshawa. Ndinakhala pansi, n'kuwauza zimene ndinaona. Mkamwini wanga anavula magalasi, nawapukuta.

"Apongozi, anthu ambili amachita zimenezi. Ndinaziona pa vidiyo. Tinangofuna kuti pepala lanu lifike pamaso pa munthu."

"Nanga bwanji mawu a amayi anu?"

Anayankha ndi mwana wanga. "Anali kale m'laputopu, adada. Zimene akufuna kumeneko, amama anali nazo zonse. Ndinaganiza kuti akanakhalapo akanakupatsani." Kenako anawonjezela kuti, "Ndine ndinawasandutsa oyela. Sindinathe kuwawelenganso, ndiye chifukwa chake sindinasinthe kanthu."

Ndinawauza kuti ndafufuta ndipo ndatumiza kale. Mwana wanga anadzuka n'kulowa m'nyumba. Milungu iwili sanabwele kwathu, ndipo ku tchalitchi ankakhala kumene sindingamuone bwino.

Bungwe lija silinandiitane. Sindidziwa ngati ndi msinkhu, kapena tabuleti, kapena panali wina wondiposa. Sindidziwanso ngati akanandiitana ndi mizele ija. Ndinapemphela za nkhaniyi masiku ambili, osati za ntchitoyo kwenikweni, koma chifukwa ndikatenga pepala lililonse, ngakhale la nyimbo za kwaya, maso anga ankathamangila pansi pamene palibe malemba. Ndinayesa kuwakwiyila anawo, koma ndikaganiza za mwana wanga atakhala pa laputopu, akuyeletsa mawu a amayi ake mzele ndi mzele kuti atate ake apeze ntchito, mkwiyowo sunkakhala.

Mvula yoyamba itagwa anabwela onse awili kudzandithandiza kubzala, osatchula kanthu. Inenso sindinatchule. Ndinawakhululukila.