Ana anayi kapena asanu

Bambo anga anamwalira mwezi woyika fodya m'zigafa, patapita zaka zingapo chipumireni pa uhedimasitala. Thupi likadali ku chipatala cha pa boma, abambo aang'ono, amene anali mwini maliro, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti mbiri ya malemu ndilembe ndine, ndiwerengenso ndine pa mwambo. Anati popeza ndine mphunzitsi ngati bambo anga, cholembera sichingandilemere. Anandipatsa lamulo limodzi: chilichonse cholowa papepalapo chikhale choti munthu akaimirira n'kufunsa, ndithe kuloza amene wandiuza.

Ndinakondwa, ngakhale panali pa maliro. Kunyumba kwathu kunali munthu wina amene ndinkaopa kuti amupatsa ntchitoyo.

Tinabadwa anayi, ine ndiye mzime. Chaka chimene boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana anadzaza sukulu ya bambo ya kufupi ndi Mkanda mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. M'gulumo munali kamtsikana ka matenanti a pa esiteti ya fodya, ochokera ku Mulanje. Mayi ake atamwalira, bambo ake anawolokera ku Zambia kukafuna ganyu, osabweranso. Tsiku lina bambo anga anafika nako kamtsikanako pa keliyala ya njinga, n'kuuza amayi kuti kagone kwathu mpaka abale ake apezeke. Abalewo sanapezeke. Ine ndinali ku koleji ya zauphunzitsi. Pobwera ku holide ndinapeza kakugona pa mphasa yanga, amayi akukatchula kuti mzime, dzina langa.

Ndinayamba ndi zosavuta. Chaka chobadwa chinali pawiri. Mapepala a penshoni ankanena china, abambo aang'ono ankanena china. Mchimwene wanga anapalasa njinga mpaka ku parishi ya Ludzi kukaona m'buku la ubatizo, ndipo linagwirizana ndi abambo aang'ono: bambo anali aakulu ndi zaka zitatu kuposa m'mapepala aboma. Nthawi imeneyo ambiri ankachepetsa zaka kuti asawakane sukulu. Ndinalemba chaka cha ku tchalitchi, za kuchepetsazo ndinazisiya, chifukwa mbiri si bwalo la milandu.

Masukulu amene anaphunzitsako ndinawandandalika ndi amayi, chifukwa iwo ankakumbukira malo potengera komwe mwana aliyense anabadwira. Kenaka ndinapita kwa bambo wina wokalamba amene anali wachiwiri wawo kwa zaka zambiri. Iyeyo ndiye anandiphwetsera nkhani ziwiri zimene anthu ankanyadira pa siwa. Ankati bambo ndiwo anayambitsa sukuluyo. Mkuluyo anapukusa mutu: anaipeza ilipo kale, ikulekezera sitandade faifi, iwo n'kuikweza mpaka eyiti, njerwa akuumba makolo. Ankatinso chaka china kalasi yonse inasankhidwira ku sekondale. Mkuluyo anaseka, nati ana anasankhidwa ambiri ndithu, koma kalasi yonse ndi mowa umenewo. Ndinalemba kuti anaikweza sukuluyo, ndi kuti ana ambiri anapita ku sekondale kudzera m'manja mwawo, osatchula nambala.

Za matenda tinagwirizana ndi amayi kunena zimene dokotala anatiuza: kuthamanga kwa magazi, kumene kunawapha ziwalo mbali imodzi. Amayi anati tikangoti atadwala nthawi yaitali, anthu amalizitsa okha ndi matenda ena. Za ndodo yawo, imene theka la anthu a pa maliropo linkaidziwa bwino, ndinalemba kuti sankanyengerera ulesi. Si bodza, komanso si chipongwe.

Pa ana ndinalemba kuti asiya mkazi ndi ana anayi. Zinali zoona, ndipo buku lililonse la ubatizo likanandivomereza.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinawawerengera abambo aang'ono. Anamvetsera mpaka kumapeto, akutokosa m'mano ndi kamtengo.

"Zoona zonse," anatero. "Koma mwana wanga, iyi ndi mbiri kapena ukufunsira akuluwa ntchito? Munthuyo ali kuti umu?"

Anati ndiikemo kanthu koti anthu akamva anene kuti eya, ndi iwowo. Ndinabwerera pa mpando n'kuyamba kufufuza m'mutu mwanga. Ndinapezamo taye, choko pa malaya, ndi mawu akuti imirira bwino. Bambo anandiphunzitsa sitandade eyiti, ndipo pofuna kuti anthu asanene kuti akukondera, ankandimenya kuposa ena. M'kalasi ndinkawatchula kuti aphunzitsi, ndipo chizolowezicho chinafika mpaka kunyumba. Sindinapeze chilichonse chofunda. Ndinafunsa alongo anga awiri ndi mkulu wanga, onse anandipatsa zofanana ndi zanga.

Amayi ndiwo anandiuza kuti ndikafunse mng'ono wanga. Anatero kumene, mng'ono wako. Mawuwo anandilasa.

Apa n'kuti ali namwali wamkulu, atalemba mayeso a fomu folo. Zaka ziwiri zimene bambo anagona, ndi iyeyo amene ankawatembenuza ndi kuwamwetsa phala, ife tikubwera pa mapeto a mwezi ndi shuga. Ndinamupeza akutsuka makapu kuseri kwa khitchini, maso atatupa kuposa anga. Ngakhale zimenezo zinandinyansa. Ndinamuuza mouma kuti ndikufuna kankhani kamodzi kapena kawiri.

Anandiuza zambiri. Anati nthawi yosankha fodya, ana a matenanti akasowa m'kalasi, bambo ankapalasa njinga m'mawa kupita ku zigafa, n'kukhala pansi kusankha nawo fodya uku akukambirana ndi makolo, mpaka mwana amutulutse. Anati m'thumba la jekete ankayendamo ndi mtedza wokazinga, wopatsa ana ofika kusukulu osadya, ndipo ankawapatsa mobisa, ngati akuwatuma ku ofesi. Anatinso popalasa njinga ankaimba nyimbo za Chilatini za ku mishoni, mokweza ndi mophonya, ndipo akafika pa chitunda ankamuuza kuti aimbe ndiye chifukwa injini yatha mafuta.

Ine sindinawamvepo bambo anga akuimba. Pa keliyala ija ndinakwerapo kamodzi kokha, ndikudwala malungo.

Nsanje inandigwira. Ndinkachitira nsanje mwana wamasiye, wopanda ngakhale chithunzi cha mayi ake, ndipo kudziwa zimenezo sikunaichepetse. Ndinakumbukira lamulo la abambo aang'ono ndipo ndinalikonda kwambiri tsiku limenelo. Nkhani ya munthu mmodzi si umboni. Ndinanyamuka kukazitsimikiza, mumtima ndikupempha kuti zikhale zopeka.

Wachiwiri uja anati za ku zigafa n'zoona, ndipo kapitawo wa pa esiteti anadandaulapo kuti ahedi akumuchotsera antchito. Za mtedza, mwamuna wina woyendetsa thiraki pa boda, amene anabwera kudzakhuza, anati iye anadya mtedzawo chaka chathunthu. Kunatsala nyimbo. Ndinalowa m'nyumba ya siwa n'kunong'oneza amayi. Anamwetulira koyamba chiyambire maliro. Anati ankaimba ali mnyamata, anasiya atapatsidwa uhedi, ndipo anayambiranso atakalamba.

"Inu munabadwira ahedimasitala," anatero amayi. "Uyu anapeza atatopa nawo uhediwo."

Zonse zinali zoona, tsono ndinalibe pothawira. Ndinazilemba, ndipo pepala lija linayamba kupuma. Koma mzere wa ana ndinausiya momwemo.

M'mawa wa tsiku loika, abambo aang'ono anaona mzerewo. Kwathu nambala imeneyo si yongowerenga. Woyendetsa mwambo amaitenga pa mbiri poitana ana kukaika nkhata pa manda. Ndikati anayi, mtsikana uja akhala pansi pamodzi ndi anthu a m'mudzi, ife tikupita kutsogolo. Ndinawauza abambo aang'ono kuti ndatsata lamulo lawo: obadwa ndife anayi. Anavomera. Anawonjezanso okha kuti kungolemba asanu n'koopsa, chifukwa alipo pa esiteti amene ananong'onapo kale kuti mphunzitsi satola mwana wa tenanti popanda chifukwa, ndipo nambalayo ikanakhala ngati banja lavomera bodzalo. Mtima wanga unati myaa, ndinaona ngati ndapambana.

Kenaka anandifunsa kuti nkhani za njinga ndi mtedza ndazitenga kuti. Ndinawauza.

"Ndiye mawu ake alowe, mwini wake atsale panja?" anafunsa. "Anayi n'zoona. Koma munthu akaimirira n'kufunsa kuti ankawasambitsa ndani, uloza yani?"

Sanandikakamize. Anandibwezera pepala n'kupita kukaona adzukulu okumba manda. Ndinakhala nalo pa bondo nthawi yaitali. Sindinganame kuti mtima unafewa. Chimene chinandigonjetsa n'chakuti mzere wangawo, ngakhale unalibe bodza, ukanasiya anthu akudziwa zochepa kuposa zimene zinachitika, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa chimene ndinkaufunira. Ndinaufufuta n'kulemba kuti anabereka ana anayi, ndipo analera wachisanu, mwana wa sukulu yawo amene anatsala yekha, amenenso anawadwazika mpaka tsiku lomaliza.

Ndinawerenga masana, pambuyo pa mawu a mfumu, Misa isanayambe. Pa chaka chobadwa ndi masukulu anthu anangokhala duu. Pa ulesi wosanyengereredwa amuna ena anaseka chapansipansi, akusisita m'matako. Nditafika pa mtedza, woyendetsa thiraki uja anaphimba nkhope ndi chipewa. Pa injini yotha mafuta anthu anaseka, kenaka azimayi anayamba kulira, kulira kwenikweni. Chilichonse chimene chinawagwedeza chinali cha mng'ono wanga. Changa chinali zaka ndi mayina a masukulu.

Ku manda anaitana ana asanu. Nkhata inali imodzi, tinaigwira tonse, dzanja lake litagundana ndi langa. Ankalira mosadzigwira. Ine ndinkangoganiza kuti iye akulira munthu amene ankamudziwa.

Pobwerera, mayi wina amene anaphunzitsapo ndi bambo kalekale anatipeza panjira tikuyenda awiri. Anandigwira manja onse awiri, nati mbiri zambiri wamva koma iyi yamubweretsera malemuyo pamaso.

"Za nyimbo zija, za pa njinga," anatero. "Ndi mwana yekha wa pamtima angawadziwe bambo ake chonchi. Munali ndi mwayi, mayi."

Ndinayang'ana mng'ono wanga. Anamva zonse, koma anangowerama n'kumakonza chitenje chake, kundisiyira mawuwo. Ndikanakonda akananditsutsa. Ndinati zikomo, mayiyo anapitirira, ndipo ife tinayenda mpaka pa chitunda chija. Pamenepo ndinamufunsa kuti nyimboyo inkayamba bwanji.