Tsiku Limene Apongozi Anafunditsa Mazira Chitenje

Ndiyambe ndi kuulula kuti ine ndine wamantha. Mwana wanga akatsokomola kamodzi, maganizo anga amakhala atafika kale pamzere wa kuchipatala. Mantha ndinabadwa nawo, koma kukoleji anakawathira feteleza. Ndinaphunzira zophikaphika, ndipo chimene chinakhazikika m'mutu si kakomedwe ka chakudya ayi, koma tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaswana m'zakudya. Satifiketi ili m'sutikesi, ntchito ya m'maloji a ku Senga Bay sinapezeke, koma tizilomboto ndimayenda nato kulikonse.

Mwana wanga wamkazi ankakwanitsa zaka zinayi mu Okutobala, mwezi umene mchenga wa kwathu umaotcha phazi ngakhale utavala silipasi. Kusukulu yake ya mkombaphala, kholo limabweretsa kachakudya kuti ana asangalale limodzi. Ena amabweretsa mandasi, ena zitumbuwa, ndipo palibe mwana anadandaulapo. Ine ndinasankha masangweji a mazira. Ndinauza amuna anga kuti ndi chifukwa cha thanzi la ana. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna azimayi anzanga adziwe kuti ndinapitako kukoleji.

Mazira anachokera kwa apongozi anga, amayi a amuna anga, amene timakhala nawo mpanda umodzi. Iwo ndi a geni ya nsomba, amapikula kunyanja m'mamawa n'kukagulitsa. Atamva za phwandolo anayamba kulanda nkhuku zawo mazira, limodzilimodzi, kwa masabata awiri. Thadzi lina linkafuna kufungatira, analimana. Anandipatsa m'kabeseni atayalamo madeya, nati, "Anapiye a chaka chino ndi amenewa, apite m'mimba mwa mdzukulu wanga."

M'mawa wa tsikulo ndinachita zonse monga mwa buku. Ndinawiritsa mazira mpaka chikasu chitalimba, ndinawaponya m'madzi ozizira, ndinasamba m'manja ndi sopo ngati ndikukachita opaleshoni. Ndinasenda, ndinaphwanya ndi foloko, ndinathira mayonezi wa m'botolo losatsegulapo, kamchere ndi anyezi pang'ono. Anthu amanamizira mayonezi kuti ndiye amaononga. Wa m'sitolo uja ndi wowawasa, tizilombo sitimukonda kwenikweni. Vuto ndi dzira losenda, lophwanya, logwiridwa ndi manja. Lamulo lake anatiloweza pamtima: likatuluka pozizira, maola awiri basi. Kukatentha ngati kwathu kuno, ola limodzi.

Ife filiji tilibe. Ndinali nditaumitsa mabotolo anayi a madzi m'filiji ya oyandikana nawo, ndi kubwereka kulabokosi, bokosi lija losunga zozizira, loti silinaonepo nsomba. Mazirawo ndinawayala m'kontena yophwatalala kuti azizire msanga. Mabotolo awiri pansi, awiri pamwamba, poti kuzizira kumatsika. Buledi ndinamusiya padera, kuti ndikapake pomwepo ana atakhala kale pamkeka.

Chinatsala ndi keke, imene ndinaodetsa ku Salima. Amuna anga anali kuntchito, ndiye ndinayenera kupita ndekha. Apongozi anadzipereka kusenza bokosi kupita nalo kusukulu.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Apongozi suwalamula. Ndinagwada, ndinati, "Amayi, ngati n'kotheka, bokosili likakhale pamthunzi, lisatsegulidwe." Chifukwa chake sindinanene. Ndinaopa kuoneka ngati ndikuphunzitsa munthu amene anayamba kugula ayisi ine ndisanabadwe.

"Pitani, amake mwana," anatero. "Bokosi ndi ntchito yanga."

Ndinanyamuka eyiti koloko. Minibasi yopita inayenda bwino. Yobwerera inaima pasiteji kudikira anthu, kondakitala akulumbira kuti watsala munthu mmodzi, pamene mipando itatu inali yokhalidwa ndi anzake ongonamizira ulendo. Ndinakhala mmenemo nditafungatira keke, thukuta likuyenderera kumsana, ndikudzitonthoza kuti mabotolo anayi sangasungunuke onse. Ndinafika kusukulu thwelofu itadutsa.

Ana anali pansi pa mtengo wa mango, akuimba. Bokosi linali pamthunzi, lotseka bwinobwino, ndipo mtima unakhala pansi. Ndinatsegula. Munali mabotolo anayi okha.

"Amayi, kontena ija ili kuti?"

Apongozi analoza ndi mlomo. Pakhoma lalifupi la khonde, padzuwa penipeni, panali kamtolo kokulungidwa bwino m'chitenje chawo chatsopano.

"Ndinasuzumira nditangofika," anatero monyadira. "Zinali zozizira ngati mwala wa pansi pa nyanja. Ana angadye zimenezo? Mawa onse chifuwa. Ndiye ndaziika apo zifundeko."

"Nthawi yanji, amayi?"

"Phala asanagawe."

Phala amagawa naini koloko. Ndinamasula chitenje, ndinagwira kontena. Inali yofunda ngati mphumi ya mwana wodwala malungo. Maola atatu. M'mutu mwanga tizilombo tinali titakwatirana kale, titabereka, tili ndi zidzukulu.

Kwathu chakudya chozizira ndi chipongwe. Mlendo sumupatsa zozizira, mwamuna wochokera kunyanja umamusungira zake zitakulungidwa m'nsalu. Apongozi sanachite zachilendo. Anachita zimene mayi aliyense wachikondi akanachita.

"Amayi," ndinatero, "izi zimafuna ayisi, ngati nsomba zanu zija."

"Pa ayisi pamagona chambo chakufa. Mdzukulu wanga si chambo."

Azimayi amene anabwera kudzaonerera anaseka. Aphunzitsi, mayi wodekha wa magalasi, anayandikira. Apongozi anatsegula kontena, ananunkhiza, anapatsira aphunzitsi, nawonso ananunkhiza. Inazungulira mphuno zisanu ndi imodzi ngati mbale ya chopereka. Onse anagwirizana kuti zikununkhira bwino. Ndipo zinkanunkhiradi bwino. Pajatu ndinaphika ndine.

"Nsomba ikaonongeka imanena yokha," anatero apongozi. "Diso limachita mtambo, makha amada. Izi zanena chiyani?"

"Mazira sanena, amayi. Amaoneka bwino, amanunkhira bwino, koma akalowa m'mimba ndi pamene amayankhula."

"Bwanji tingozikazinga?" anafunsa aphunzitsi, pofuna kutiyanjanitsa. "Moto ulipo kukhitchini."

Ndinalakalaka kuvomera. Koma tizilombo tina tikaswana timasiya poizoni amene moto sumutha. Tizilombo timafa, poizoni n'kutsala. Ndinafotokoza choncho nditayang'ana pansi, ndipo ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Sukulu ikachuluka, ngakhale dzira umaliopa."

Ndisaname, ndinatsala pang'ono kugonja. Mwina sizinaonongeke. Anthu amadya zoposa apa n'kukhala bwinobwino. Ndikanangopaka pabuledi, apongozi akanasangalala, azimayi akanayamikira, ine ndikanapita kunyumba ndili wophunzira. Koma ndinayang'ana pamkeka. Timimba tating'ono makumi awiri, tina ta ana oti akatsegula m'mimba tsiku limodzi maso amalowa m'kati. Wanga anali pakati, atavala chipewa cha pepala, akundikodola.

Ndinatseka kontena, ndinaikumbatira.

"Ana sadya izi."

Apongozi sanakweze mawu. Anatambasula dzanja, anatenga kontena, anapempha supuni. Anadya imodzi pang'onopang'ono, akundiyang'ana. Anadya yachiwiri.

"Mchere wachepa," anatero. "Koma imfa mulibe."

"Inu ndinu akuluakulu, amayi. Mimba yanu ndi ya ana si imodzi." Kenako nzeru inandibwerera, kaya kuchokera kuti. Ndinagwada pamchenga wotenthawo. "Koma mwanena zoona. Ana asadye zozizira. Tiwaphikire ena pompano, adye zamoto. Ndipo mchere muthire ndinu."

Maondo anga anayamba kupsa.

"Mazira a kugolosale," anatero pomaliza. "A nkhuku zosadziwa tambala."

Linali yankho lovomera limenelo. Ndinathamangira kugolosale ya pamsewu n'kubwera ndi thireyi. Aphunzitsi anakoleza moto pamafuwa a phala. Tinawiritsa, apongozi anasenda atasamba m'manja ndi sopo, mondionetsera, mpaka m'zigongono. Mayonezi ndinali nditamusiya kunyumba, ndiye tinaphwanyira tomato ndi timafuta pang'ono. Ine ndinkadula buledi, iwo ankapaka, aphunzitsi ankagawa. Kuchokera m'poto kufika m'kamwa sipanathe theka la ola. Ana anadya ngati dzombe, keke inatha, ndipo mabotolo aja atasungunuka, anawo anamwa madzi ake. Apongozi anaona ana akumwa madzi ozizirawo, anandiyang'ana, anapukusa mutu.

Kontena ija ndinapita nayo ndekha kuseri. Mayi wina anapempha kuti akapatse ana ake kunyumba, ndinakana, ndipo mpaka lero amandipatsa moni wa theka. Ndinakhuthulira zonse m'chimbudzi. Anapiye a chaka chathunthu. Ndinalira pang'ono mmenemo, ndikuuza aliyense kuti ndi utsi wa kukhitchini.

Tsopano ndiulule tchimo lenileni. Pobwerera kunyumba, apongozi ali patsogolo ndi bokosi pamutu, ndinapemphera. Sindinapemphe zoopsa ayi, ndimawakonda. Ndinangoti, Ambuye, kamimba pang'ono chabe. Maulendo awiri a kuseri, kapena atatu, kuti adziwe kuti sindinapenge. Madzulo onse ndinkasesa pabwalo posesa kale, diso lili pakanjira ka kuchimbudzi. Amuna anga atabwera n'kumva nkhani yonse, anati iwo mlanduwu sauweruza, poti mbali zonse ziwiri zimawaphikira.

Kamimbako sikanabwere. M'mawa mwake apongozi analawirira kunyanja, anabwerako ndi beseni la utaka, akuyenda ngati mtsikana. Anaima pakhomo panga.

"Mwadzuka bwanji, adokotala?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Ndikadali moyo. Muuzeko a kukoleji."

Ndinafuna kunena kuti supuni ziwiri m'mimba ya munthu wamkulu si umboni, kuti munthu akhoza kuwoloka msewu atatsinzina n'kufika tsidya. Ndinangoti, "Tithokoze Mulungu." Ndinamuveka mwana yunifolomu n'kumuperekeza. Pageti ndinachedwa dala, ndikuwerenga mitu yolowa. Anafika onse makumi awiri, akukankhana, wina akulirira nsapato. Aphunzitsi anandiona ndikuwerenga.

"Onse ali bwino, mayi."

"Ndaona."

"Ndiye pitani kunyumba, mukuopseza makolo."