A Munamvakuti ndi Mavidiyo a Mlamu wa Abwana

Pa sukulu yathu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, mayi olembetsa ophunzira tinkawatcha a Munamvakuti. Munthu asanakhale n'komwe pa benchi, iwo amakhala atamufunsa kale: "Za sukulu ino munamva kuti?"

Mdani wawo anali mlamu wa abwana, amene ankaika mavidiyo otsatsa sukuluyo pa intaneti. Tsiku lina mlamuyo analowa akugwedeza foni m'mwamba.

"Anthu zikwizikwi aonera!"

"Nanga alembetsa angati?" anafunsa mayiwo. "Onse amene ndawafunsa akuti anamva kwa anzawo. Kuonera si kulembetsa, achimwene."

"Inu mayi, yanu ntchito ndi kudinda mapepala basi. Anzawowo anamva kuti?"

Anatukwanana mpaka wophunzira wina anathimitsa galimoto panja kuti amvetsere bwino. Abwana atatopa nalo phokosolo, analamula kuti mavidiyo ayambe aima, china chilichonse chisasinthe, tione.

Poyamba a Munamvakuti ankayenda monyadira. Koma mwezi wotsatira benchi inayamba kuchita fumbi, chikhalirecho chaka cham'mbuyo mwake nyengo ngati yomweyo inkadzaza. Mavidiyo atayambiranso, olembetsa anachulukanso. Zinapezeka kuti ambiri oonera aja sankabwera okha, ankangouza abale ndi anzawo.

Mayiwo sanapepese. Mlamu uja akalowa, ankamuyang'ana kuyambira kunsapato, n'kumuuza kuti, "Pa zikwi zanu zija, obwera kuno sakudzaza ndi minibasi yomwe."

Awiriwo anagwira ntchito limodzi mpaka mayiwo anapuma, osapatsanapo moni.