Tinanyamuka Atate Asanabwere

Mkangano unayamba Lachinayi madzulo m'nyumba mwanga ku Kabwata, masutikesi awiri ali pakhomo la chipinda. Mwana wanga wamkazi anali atapeza ntchito ya unamwino ku Ulaya, ndipo ndege yake inali ya Lachisanu masana. Tiketi anamugulira ndi omulemba ntchito, ndipo anamuuziratu kuti Lolemba akhale atafika. Funso linali limodzi basi: tinyamuke nthawi yanji kupita ku eyapoti?

Munthu wa kwina angaseke kuti nkhani yake ndi yomweyo. Koma aliyense wa mu Lusaka amaudziwa msewu wa Great East. Tsiku lina umakufikitsa ku eyapoti mphindi makumi anayi zisanakwane. Tsiku linanso lole imodzi ikangofera pa Munali, kapena wamkulu wina akamadutsa ndi apolisi ake, mumaima mpaka ogulitsa nthochi kuyamba kukudziwani nkhope. Ndipo a ndege salabadira zimenezo. Likangotsala ola limodzi amatseka polandirira katundu, kulira kwanu nkukhala kwanu.

Chovuta chinali atate anga. Mwanayu analeredwa ndi iwo ine ndikuthamanga ndi ntchito m'tauni, ndipo tsopano impso zawo zinali zitasiya kugwira. Lachisanu lililonse m'mawa ankakagona pa makina otsuka magazi kwa maola anayi, ndipo kujomba kunali kosatheka. Tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wolankhula, kuti mwanayu akadzapeza tchuthi choyamba iwo mwina sadzakhalapo.

Atate anali ndi mwambo wawo umene sanaupinde chibadwire changa. Wa paulendo ankamupempherera pakhomo, chikwama chili m'manja, dzanja lawo lili pamutu pake, akatero munthu osabwereranso m'nyumba. Ndinawapempha kuti achite zimenezi Lachinayi lomwelo.

"Munthu satsazikidwa dzulo," anatero. "Ndimupempherere, kenako akagone, mawa adzuke asambe? Limenelo ndi pemphero la ulendo kapena la tulo? Ndikatuluka kuchipatala ndimupeza pano."

Mlongo wanga wa ku Chelstone, amene amadutsa msewu umenewu tsiku ndi tsiku, anagwira mutu.

"Ba sisi, pa Fulaide simungasobele na Great East. Muchoke kuseni, m'mamawa. Mukalindila ba tate, ndeke izamusiya uyu mwana."

Mwana wanga anatisonyeza mapu a pa foni, akuti mphindi makumi anayi ndi zisanu. Mlongo wanga anaseka nati foniyo ikunena za msewu wa panthawiyo, siidziwa za mawa. Ndinakwiya naye, komanso ndinadziwa kuti akunena zoona. Tinagwirizana zoti tidikire mpaka atate atatuluka, bola asachedwe. Mlongo wanga ndiye akawatenge pa galimoto yake.

M'mawa mwake zinthu zinayamba kupotoka msanga. Wodwala amene anayenera kuyamba pa makinawo atate asanalowe anafika mochedwa, naye chifukwa cha jamu ya magalimoto pamsewu, ndiye mzere wonse unasunthira kutsogolo. Ine ndinkangozungulira m'nyumba, kuyang'ana wotchi, kuyang'ana mwana. Iye anakhala pa sutikesi atavala kale jekete, pasipoti ili m'manja. Mnansi wanga, amene anali woti atiperekeze pa galimoto yake, analowa kawiri kudzandiuza kuti wamva zoti kutauni kwayamba kudzaza.

Ndinaimbira mlongo wanga. Anati atate atsala ndi pafupifupi ola.

"Imwe yendani chabe. Nizabaleta ku eyapoti, bazamupempelela kwamene kuja."

Ndinamva atate akufunsa chapatali kuti tikuti chiyani, koma foni inaduka. Mtima wanga unagawanika. Kudikira kunali kuika ntchito ya mwana pa msewu umene sindiukhulupirira. Kunyamuka kunali kuchotsa mwana pakhomo pamene agogo ake anati amupeza. Tinanyamula masutikesi.

Mpaka lero chimandiwawa ndi chakuti msewu unali mbee. Tinadzera ku Woodlands, kutsikira ku Kabulonga, kukatulukira pa Munali, osaima paliponse kupatula pa maloboti. Pa Chelstone minibasi zinali zitafola bwinobwino ngati kuli maliro. Mnansi wanga ankayamika Mulungu, ine ndikutukwana mumtima. Tinafika a ndege asanatsegule n'komwe polandirira katundu. Ola limene tinawamana atate tinakalithera pa mipando yachitsulo, tikuyang'ana anthu osawadziwa akukokana ndi matilole a katundu.

Atatsegula, mwana anapereka katundu, anamuona viza, nabwerera kudzakhala nane. Pamenepo mlongo wanga anaimba kuti atuluka kuchipatala ndipo alowa mu Great East. Ndinapuma. Ndinamuuza mwana kuti zatheka.

Foni yotsatira inali ina.

"Ba sisi, tili pa Munali, sitiyenda. Kuli tilaki yagwa kutsogolo, yavala njila yonse."

"Bwelelani, mupitile ku Kabulonga!"

"Nibwelele bwanji? Kumbuyo kuli mamotoka, kumbali kuli ngalande. Naba tate balema, bafuna kusanza."

Pomwe ife tinadutsa ngati mphepo, iwo anaimapo nthawi yonse imene inatsala. Munthu akachoka pa makina aja amakhala wofooka ngati nsanza yonyowa, ndipo ndinkawaona m'maganizo ali m'galimoto yotentha, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Ndinkaimba mphindi zingapo zilizonse mpaka mlongo wanga anandikalipira. Mwana anadikira kupitirira pamene anayenera. Mtsikana wa yunifolomu anabwera kudzamuuza kuti kutsogolo kudakali kusechedwa ndi kudinditsa pasipoti, ndipo chipata cha ndege sichidikira munthu.

"Mami, nichite bwanji?"

Ndinamuuza kuti alowe. Anaimbira agogo ake, koma iwo anakana kupemphera pa foni. Anati akubwera, awadikire pang'ono chabe. Mwana anadula foni akulira, anandikumbatira, nadutsa pakhomo pamene operekeza salowa.

Mlongo wanga ndi atate anafika patangopita kanthawi, ndege isananyamuke. Mwana anali momwemo, m'nyumba yomweyo, koma atadinditsa kale pasipoti, kotero sakanatulukanso. Atate sanamuonenso. Anatisiya mvula isanagwe chaka chomwecho, ndipo mdzukulu wawo anaonera maliro pa foni ali pa ntchito. Ndakhala ndikuwerengera tsiku limenelo kambirimbiri, ndipo sindinapezebe nthawi imene tikanayenera kunyamuka. Anthu amati ukanadziwa, koma panalibe choti munthu adziwe.

Mlongo wanga anaimika galimoto potsitsira anthu. Atate analibe mphamvu yotsika. Ndinawagwadira pa zenera n'kuwauza kuti walowa. Anandifunsa, milomo itauma.

"Ali mbali iti?"

Ndinaloza khoma la magalasi, ngakhale sindinkadziwa bwino. Anatulutsa mkono pa zenera, umene anaumanga bandeji pochoka pa makina, natambasula dzanja molunjika kumeneko. Anayamba kutchula dzina la mwanayo pamaso pa Mulungu. Kumbuyo galimoto zinayamba kuliza mahutala, ndipo mlonda anabwera akugogoda pa bonati kuti pamenepa saimapo. Mlongo wanga anapepesa, anapepesanso, kenako anaponda moto.

Ndinatsala chiimire. Galimoto inakhota, atate akupempherabe, dzanja lawo lili kunja, tsopano litaloza kumalo oimika magalimoto.